Nsalu ikasintha mtundu pa chithunzi: mmene mungapezere cholakwika ndi kuchikonza

Dandaulo limene anthu ogulitsa zitenje, madiresi ndi zikwama pa intaneti amalimva kawirikawiri ndi lakuti katundu amene wafika sakufanana ndi amene anali pa chithunzi. Kasitomala wa ku Mzuzu amaona chikwama chofiira mu katalogi ya WhatsApp Business, amalipira, katundu amatumizidwa pa basi kuchokera ku Blantyre, ndipo akamasula phukusi amapeza kuti chikwamacho ndi cha maluni. Wogulitsayo sananame, ndipo nthawi zambiri foni yake si yowonongeka. Vutoli limachokera pa zinthu zitatu, zomwe ndi kuwala kumene kunagwera pa katunduyo, chimene chinali kumbuyo kwake, ndiponso pamene foni inaima pojambula. Zitatuzi zikalakwika pamodzi zimabisana, choncho ndi bwino kuzifufuza chimodzichimodzi, kuyambira ndi kuwala.

Ndigwiritsa ntchito nkhani ya mayi wina wosoka zikwama za chitenje, amene anandionetsa zithunzi zake makasitomala awiri atamubwezera katundu. Chikwama chimene chinabwezedwa chinali cha nsalu ya maluni, ya mizere ya buluu woderako ndi timadontho toyera. Pa chithunzi, maluniyo ankaoneka ngati chofiira chopita ku olenji, timadontho tija tinali tachikasu mbali imodzi koma tabuluu mbali ina, ndipo chikwamacho chinkaoneka chachikulu kukamwa n'kumachepa kumunsi, pamene m'manja chinali chofanana kumwamba ndi pansi. Mayiyu ankajambula madzulo akaweruka pa makina, m'chipinda chochezera, babu ikuyaka, zenera lili lotsegula, chikwama atachikhazika pa sofa yakuda, iye ataimirira pafupi ndi kulozetsa foni pansi.

Yambani ndi pepala loyera

Musanasinthe china chilichonse, pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa, chifukwa mafuta a m'zala amachititsa chithunzi kuoneka ngati munali nkhungu, ndipo anthu ambiri amaimba mlandu foni pamene vuto ndi lomweli. Kenako tengani pepala loyera wamba la A4, muliike pambali pa katundu wanu pamalo pomwe mumajambulira masiku onse, ndipo mujambule monga mwa nthawi zonse. Mukamaona chithunzicho, diso lanu lisakhale pa katundu koma pa pepala, popeza mtundu wa pepala mukuudziwa kale. Ngati pepala latuluka lachikasu, labuluu kapena lobiriwirako, ndiye kuti mtundu womwewo wapakidwa pa katundu yense. Ngati latuluka lotuwa ngati phulusa, chithunzi chada mopitirira. Ngati lawala mpaka m'mphepete mwake osaonekanso, chithunzi chawala mopitirira, ndipo mitundu yodera ya nsalu yanu yasuluka.

Pa chithunzi cha mayi uja, pepala linatuluka lachikasu mbali ya babu ndi labuluu mbali ya zenera, ndipo zimenezi zinaulula gwero la vuto lake loyamba.

Kuwala kulikonse kuli ndi mtundu wake, ngakhale kuti maso athu amazolowera msanga moti sitizindikira. Mtunduwu umayezedwa ndi nambala yotsatiridwa ndi chilembo K, ndipo nambalayi imalembedwa pa mabokosi a mababu ambiri. Babu yolembedwa 2700K imatulutsa kuwala kwachikasu, dzuwa la masana lili pafupifupi 5500K, babu yolembedwa 6500K imapita ku buluu pang'ono, ndipo mthunzi wa panja tsiku lopanda mitambo umapitirira pamenepo chifukwa umawalitsidwa ndi thambo. Foni imayesa kuganizira mtundu wa kuwala kumene kulipo kuti zoyera zituluke zoyera, ndipo ntchito imeneyi ndi imene pa kamera imalembedwa kuti White Balance kapena WB. Koma pakakhala kuwala kwa mitundu iwiri, foni singakhutiritse mbali zonse: ikakonza mbali ya babu, mbali ya zenera imasanduka buluu, ikakonza ya zenera, ya babu imasanduka chikasu. Chithunzi chotere n'chovuta kwambiri kuchikonza pambuyo pake, chifukwa kusintha kumene kukukonza mbali imodzi kukuwononga inayo. Mankhwala ake ndi kuzimitsa babu ndi kujambula ndi kuwala kwa mtundu umodzi basi. Fulashi ya foni nayo ikhale yozimitsa, chifukwa imawonjezera mtundu wachitatu, imasiya banga lonyezimira pakati pa nsalu, ndipo imafafaniza ulusi ndi msoko zimene kasitomala amafuna kuona.

Malo ojambulira

Malo abwino amene pafupifupi nyumba iliyonse ili nawo ndi khonde, kapena pafupi ndi khomo lotsegula, pamene kuwala kwa tsiku kumalowa kochuluka koma dzuwa siligunda katundu mwachindunji. Dzuwa lenileni limapanga mithunzi yakuda kwambiri ndiponso malo owala kwambiri, ndipo kamera ya foni imalephera kusunga zonse ziwiri. Mthunzi wa khonde umafewetsa kuwalako, mitundu n'kukhazikika.

Khonde lomwelo silikhala chimodzimodzi chaka chonse, ndipo ichi ndi chimene chimadabwitsa anthu amene zithunzi zawo zinali bwino miyezi ingapo yapitayo. Dziko la Malawi lili kumwera kwa mzere wa ikweta, choncho m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo khonde loyang'ana kumwera limakhala mu mthunzi tsiku lonse pamene loyang'ana kumpoto limalowedwa ndi dzuwa. Mu Disembala dzuwa limadutsa chakumwera pang'ono, ndipo zinthu zimatembenuka. Khonde loyang'ana kum'mawa ligwiritseni ntchito dzuwa likapendeka, ndipo loyang'ana kumadzulo ligwiritseni ntchito m'mawa. Pewani ola loyamba dzuwa litangotuluka ndi lomaliza lisanalowe, chifukwa kuwala kwa nthawi imeneyo n'kofiira, kokongoletsa nkhope za anthu koma konamiza pa nsalu.

Ngati mwasamukira pa khonde koma pepala lija likutulukabe ndi mtundu, yang'anani zimene zakuzungulirani, chifukwa kuwala kukagunda chinthu kumabwerera kutatenga mtundu wa chinthucho. Bwalo la dothi lofiira likaombedwa ndi dzuwa limaponya kufiira pa khonde, simenti yopaka polishi wofiira imachita chimodzimodzi, ndipo khoma lopaka penti wobiriwira kapena wabuluu limapaka mtundu wake pa mbali ya katundu imene yaliyang'ana. Pansi pa mtengo wa mango, pamene ambiri amathamangira pofuna mthunzi, ndi pamalo oipa pa ntchito imeneyi, chifukwa masamba amabiriwitsa kuwala ndiponso amasiya timabanga ta dzuwa pa nsalu. Ngakhale malaya amene mwavala amaoneka pa katundu wonyezimira mukayandikira. Mayi uja anali ndi khonde la simenti yofiira, ndipo tinangoyala shiti yoyera pansi, kufiira kumene kunali kumunsi kwa chikwama n'kutha.

Kuwala kuzichokera m'mbali mwa katundu, osati kumbuyo kwake ndipo osati kumbuyo kwa inu wojambula. Kukachokera kumbuyo kwa katundu, kutsogolo kwake kumada. Kukachokera kumbuyo kwanu, mthunzi wanu umagwera pa katundu ndipo nsalu imaoneka yosalala ngati pepala losindikizidwa. Kuwala kwa m'mbali kumaonetsa maonekedwe enieni a chinthu, koma kumasiya mbali inayo ili yakuda, ndipo apa ndi pamene katoni imathandiza. Dulani mbali imodzi ya katoni yaikulu, mumatepo mapepala oyera, ndipo muiimike mbali ya mthunzi, pamtunda wa masentimita pafupifupi 30 kuchokera pa katundu, kuti ibweze kuwala. Muziisuntha uku mukuyang'ana pa sikirini: ikayandikira mthunzi umachepa, ikatalikira umabwerera. Musauchotse wonse, chifukwa kamthunzi pang'ono ndi kamene kamaonetsa kuti chikwama chili ndi mimba.

Pali ena amene ntchito siiwalola kujambula masana. Kwa iwo, njira ndi kugula mababu awiri a mtundu umodzi, a nambala ya K yofanana, kuzimitsa magetsi ena onse, ndi kupachika nsalu yoyera yopyapyala patsogolo pa babu iliyonse, motalikirana nayo kuti isatenthe. Dziwani kuti mababu ambiri otsika mtengo a LED ndi osauka pa kufiira kodera, moti maluni amatha kuoneka ngati khofi ngakhale pepala litatuluka loyera bwinobwino. Ngati pa bokosi palembedwa CRI 90 kapena kuposerapo, babuyo imaonetsa mitundu mokhulupirika. Mukaona mizere yakuda ikuyenda pa sikirini, chifukwa chake n'chakuti magetsi athu ndi a 50 Hz ndipo mababu ena amaphethira maulendo 100 pa sekondi. Pa foni imene ili ndi gawo la Pro, ikani liwiro la kujambula pa 1/50 kapena 1/100, ndipo mizereyo imatha.

Chimene chili kumbuyo chimasintha kuwala kwa chithunzi chonse

Vuto lachiwiri la mayi uja linali sofa yakuda, ndipo ili ndi limene linasandutsa maluni kukhala chofiira. Kamera imayeza kuwala kwa zonse zimene ikuona, n'kuyesetsa kuti chithunzi chonse chikhale chapakatikati, chosada kwambiri ndiponso chosawala kwambiri. Ikaona sofa yakuda itadzaza chithunzi, imaganiza kuti kwada, imawonjezera kuwala, ndipo mtundu wodera ngati maluni ukawalitsidwa umasanduka wofiira. Zosiyana ndi zimenezi zimachitika mukayala pepala loyera lalikulu: kamera imaganiza kuti kwawala kwambiri, imachepetsa, pepala limatuluka lotuwa ndipo buluu woderako amaoneka wakuda.

N'chifukwa chake ine ndimakonda choyala chotuwa mopepuka kuposa choyera mbee, makamaka pa nsalu za mitundu yambiri, chifukwa sichinamiza kamera ndipo sichilimbana ndi maluwa a chitenje. Choyera nachonso n'chabwino, bola muuze foni chochita. Dinani pa katunduyo pa sikirini, musachotse chala kwa kanthawi mpaka foni itatseka muyeso wake. Pa iPhone pamatuluka mawu akuti AE/AF LOCK, ndipo pa mafoni ambiri a Android pamaoneka kaloko. Kenako kokani kachizindikiro ka dzuwa kamene kamaoneka pambali mpaka pepala liyere koma m'mphepete mwake mukuonekabe. Mu gawo la Pro chinthu chomwechi chimalembedwa EV, ndipo pa choyala choyera nthawi zambiri +0.7 kapena +1 imakwanira. Mukatseka muyeso, jambulani katundu yense wa tsikulo osautsegula, kuti zithunzi za mu katalogi zifanane.

Kayalidwe kake n'kosavuta. Tengani pepala lalikulu la manila, mbali imodzi muimate ndi tepi pakhoma kapena muipane ndi mapegisi pa msana wa mpando, ndipo inayo igone pa tebulo, pepalalo lipinde mozungulira popanda kulithyola. Mukatero mzere wa pamene khoma likumana ndi tebulo suoneka. Katundu muike chakutsogolo, motalikirana ndi mbali yoimirira, kuti mthunzi wake ugwere pansi m'malo mojambulika kumbuyo. Ngati mukuyala nsalu m'malo mwa pepala, isiteni, pakuti kuwala kwa m'mbali kumene kukuonetsa msoko wanu bwino kumaonetsanso khwinya lililonse. Chitenje chokongola musachiyale kumbuyo kwa katundu wa chitenje, ngakhale mtima utafuna bwanji, chifukwa diso la kasitomala silidziwa chimene chikugulitsidwa.

Chikwama chachikulu kukamwa, chaching'ono kumunsi

Vuto lachitatu silikhudza mtundu, koma limabweretsa dandaulo lomwelo. Diso lalikulu la kamera ya foni, limene pa sikirini limalembedwa 1x, limaona dera lalikulu, choncho kuti chikwama chidzaze chithunzi munthu amakakamizika kuyandikira kwambiri. Mukayandikira chonchi, mbali ya chinthu imene ili pafupi ndi foni imakula mopitirira. Tiyerekeze kuti foni ili pamtunda wa masentimita 30 kuchokera kukamwa kwa chikwama koma masentimita 50 kuchokera kumunsi kwake: kukamwako kudzaoneka kotambalala kuposa kumunsi ndi theka kapena kuposerapo, ngakhale kuti telala anadula zofanana. Mukabwerera m'mbuyo mpaka mita imodzi ndi theka, kusiyana kwa mitunda iwiriyo kumachepa kwambiri, ndipo chikwama chimabwerera m'maonekedwe ake.

Choncho bwererani m'mbuyo, musankhe 2x, ndipo mutsitse foni mpaka diso la kamera lifanane msinkhu ndi pakati pa katunduyo, foni itaima chilili osapendekera kutsogolo. Kawirikawiri zimenezi zimafuna kuti mukhale pa mpando kapena mugwade. Mafoni ambiri otsika mtengo alibe diso lapadera la 2x, amangodula pakati pa chithunzi n'kupakulitsa. Pa kuwala kwa khonde zimenezi sizivuta, koma musapitirire 2x chifukwa ulusi wa nsalu umayamba kusungunuka. Yatsani mizere yothandizira kuwongola chithunzi, imene mu zosankha za kamera imalembedwa Grid kapena Grid lines, ndipo muonetsetse kuti m'mbali mwa chikwama mukutsata mizere yoimirira. Pa 2x kunjenjemera kwa dzanja kumaonekera kwambiri, motero tsamiritsani foni pa mulu wa mabuku, muike nthawi yodikira ya masekondi 3, ndipo muchotse dzanja. Gawo la Portrait lisiyeni, chifukwa pofuna kuziralitsa kumbuyo limadya malamba a chikwama ndi m'mphepete mwa zipi.

Chitenje chosasoka chimafuna njira ina. Chiyaleni pansi pa khonde, muimirire pa mpando wolimba mbali imene mthunzi wanu sugwera pa nsalu, ndipo foni igone diso la kamera litaloza pansi, yofanana ndi pansi, kuti ngodya zinayi za nsalu zioneke zowongoka. Zitenje zatsopano zambiri zimanyezimira zisanachapidwe, ndipo kunyezimirako kumaoneka ngati banga loyera limene limameza maluwa. Kuwala kumanjanja pa nsalu ngati mpira pakhoma, choncho banga limaoneka pokhapokha foni ikaima pa njira imene kuwalako kukubwerera. Musalimbane nalo posintha chithunzi; tembenuzani nsalu, kapena musunthe phazi limodzi kumanzere kapena kumanja, ndipo lidzachoka. Nsalu ya timizere tothinana nthawi zina imatulutsa mafunde a mitundu amene palibe pa nsaluyo, ndipo amenewa amatha mukayandikira kapena kutalikira pang'ono.

WhatsApp Business imalola zithunzi zofika 10 pa katundu mmodzi, koma mayi uja tinagwirizana pa zisanu: cha kutsogolo, cha chammbali pang'ono choonetsa kunenepa kwa chikwama, cha mkati chikwama chitatsegulidwa, cha pafupi choonetsa zipi ndi msoko, ndi cha chikwama chili paphewa la munthu kuti kukula kwake kudziwike. M'kati mwa chikwama tinaikamo mapepala opindapinda kuti chiime chokha. Pa chithunzi choyamba tinasiya malo okwanira mbali zonse, chifukwa pa mndandanda wa katalogi kachithunzi kamadulidwa kukhala kofanana mbali zonse, ndipo malamba amadukira kunja ngati anafika m'mphepete.

Ngati zonse zachitika koma mtundu ukusiyanabe

Apa kukayikira kupite pa foni yeniyeniyo. Onani ngati mu kamera simunatsale sefa ya mitundu imene munayatsa tsiku lina, ndipo pa mafoni a Samsung amene ali ndi Scene optimizer muizimitse, chifukwa imakometsera mitundu kuposa mmene ilili. Onaninso sikirini imene mukuweruzira chithunzi. Eye comfort shield ya Samsung ndi Night Shift ya iPhone zimachititsa sikirini kukhala yachikasu, ndipo munthu amene akukonza chithunzi zimenezi zili zoyatsa amawonjezera buluu mosadziwa. Ngati sikirini ili pa Vivid, isintheni ikhale pa Natural. Kenako imani pa khonde pomwepo, chikwama m'dzanja limodzi foni m'dzanja lina, ndipo mufanizire.

Kusiyana kukakhala kochepa, pulogalamu yaulere ya Snapseed ili ndi chida cha White Balance chimene chili ndi kachizindikiro kotolera mtundu. Mukakaloza pa pepala loyera lija, pulogalamuyo imakonza chithunzi chonse potengera pepalalo, ndipo pambuyo pake mumangodula pepala kuti lisaoneke. N'chifukwa chake ndi bwino kusiya kachidutswa ka pepala pakona ya chithunzi chilichonse. Chida cha Saturation musachikhudze, chifukwa ndi chimene chimasandutsa nsalu wamba kukhala yowala kuposa imene idzatuluke m'phukusi. Zithunzi zoika mu katalogi zichokere pa foni imene inajambula, ndipo ngati wina akukutumizirani pa WhatsApp, azitumize ngati Document kuti zisafinyidwe panjira.

Pali malire amene simungawadutse. Mitundu ina, makamaka pepo ndi buluu wopita ku pepo, imavuta makamera ambiri a foni, ndipo sikirini ya kasitomala wanu simungailamulire. Pa chikwama cha mayi uja, titajambula pa khonde cha m'ma 10 koloko m'mawa, pa pepala lotuwa, foni ili pa 2x pamtunda wa mita imodzi ndi theka, maluni anatuluka maluni ndipo timadontho tinayera, koma mizere ya buluu inaonekabe yowala pang'ono kuposa ya pa nsalu. Sitinalimbane nayo, chifukwa kuikonza kukanasokoneza maluni. Mayiyo anangolemba pansi pa chithunzi kuti nsalu ndi ya maluni, ya mizere ya buluu woderako kuposa mmene ikuonekera, ndipo anawonjezera muyeso wa chikwama, masentimita 35 m'lifupi ndi 30 msinkhu.